Musandiuze kuti Hammurabi ankadziwa za ufulu wachibadwidwe

Dzulo ndinapsa mtima nditamva munthu wophunzira bwino akunena motsimikiza kuti chikalata cha ufulu wachibadwidwe cha mu 1948 sichinabweretse chatsopano, popeza mfumu Hammurabi ya ku Babulo inalemba kale zonsezo cha m'ma 1750 Khristu asanabadwe. Ndinamufunsa ngati anawerengapo malamulowo, ndipo anangoseka.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa mwala umene anazokotapo malamulo a Hammurabi panalembedwa kuti wochotsa diso la munthu wapamwamba, nayenso achotsedwe diso. Wochotsa diso la munthu wamba, alipire siliva. Wochotsa diso la kapolo, alipire theka la mtengo umene kapoloyo angagulidwire. Mlandu ndi umodzi, ululu ndi umodzi, koma zilango zilipo zitatu, chifukwa lamulolo linkayamba lafunsa kuti wovulalayo ndi ndani. Kodi umenewo tiutche ufulu wachibadwidwe? Chinali chilungamo chotsata maudindo, chimene chinkaika mtengo pa munthu monga pa katundu.

Sindikukana kuti mbewu inafesedwa kale. Chiphunzitso chakuti munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu chinathandiza, ngakhale kuti ambiri ochilalikira anakhala mwamtendere ndi ukapolo kwa zaka mazanamazana. Koma chimene ndikukana ndi kutenga mbewu n'kumaitcha zokolola. Magna Carta ya mu 1215 inali mgwirizano umene nduna za ku England zinakakamiza Mfumu John kuuvomereza, ndipo chitetezo chake chotchuka chija chinali cha "mfulu", pamene alimi ambiri omangika pa minda ya ambuye awo sankawerengedwa m'gululo. Thomas Jefferson wa ku America analemba mu 1776 kuti anthu onse analengedwa ofanana, iye mwini ali ndi akapolo. A ku France analengeza ufulu wawo mu 1789, koma Olympe de Gouges anaona kuti amayi asiyidwa panja, mpaka analemba chikalata chawochawo mu 1791.

Paliponse panali wina wotsekeredwa kunja kwa khomo. Chatsopano chimene bungwe la United Nations linavomereza ku Paris pa 10 Disembala 1948 ndi mawu akuti "aliyense", ndipo ngakhale mawuwo anachita kulimbanirana, chifukwa mayi Hansa Mehta wa ku India ndi amene anaumirira kuti ndime yoyamba isagwiritse ntchito liwu limene lingatanthauze amuna okha, koma inene za anthu onse. Ngati zinali zakale zodziwika kwa aliyense, n'chifukwa chiyani dziko la South Africa, limene linkakhazikitsa tsankho chaka chomwecho, linali m'gulu la mayiko 8 amene sanavotere mbali iliyonse?

Chimene chimandinyansanso n'chakuti anthu oterewa amatchula "diso kulipa diso" mokweza, koma kuwerenga mizere yotsatira, kumene kuli kapolo uja, amakuona ngati ntchito yaikulu.