A Phiri Akufuna Kuchoka, Kampani ya Foni Ikukana Chisudzulo

(Ku Leicester, ku UK, Loweruka m'mawa. A Phiri aika foni patebulo kuti mawu azimveka nyumba yonse. Akazi awo, Nabanda, akhala pambali ndi pensulo ndi envulopu yakale. Nyimbo yodikirira yalira mpaka tiyi wazizira.)

MNYAMATA: Pepani, ndaona dzina apa. A Phiri? A Phiri akumudzi?

A PHIRI: Ii! Inde, a ku Ntcheu. Nanga inu?

MNYAMATA: Malume! Ine wa ku Balaka, koma ndikuyankhira ku Cape Town, kampani inatiika kuno. Tiyankhule chathuchi. Ndikuthandizeni chiyani?

A PHIRI: Ndikufuna kusiya kampani yanuyi.

MNYAMATA: Kusiya? Malume, mwandilasa mtima. Takulakwirani chiyani?

A PHIRI: Ndimalipira mapaundi 32 pamwezi. Kontrakiti inali ya miyezi 24, foni ndinamaliza kulipira, miyezi isanu yadutsa, koma mukudulabe 32 yomweyo. Kwina ndapeza simu yokha, mapaundi 10, magiga 20, ndipo ndingachoke mwezi uliwonse.

MNYAMATA: Tinakutumiziranitu meseji kuti kontrakiti ikutha.

NABANDA: Anaiona. Anati ndi akuba a pa intaneti.

A PHIRI: Mayi a Chisomo, za m'nyumba sitiuza alendo.

MNYAMATA: Mlendo ndani, malume? Taimani ndione pakompyuta... Eee! Muli ndi mwayi. Lero lokha, chifukwa ndinu kasitomala wokhulupirika, ndikudulirani theka. Mapaundi 16 basi.

A PHIRI: Wamva? Theka! Magazi ndi magazi.

NABANDA: Achimwene, theka limeneli ndi la miyezi ingati?

MNYAMATA: Itatu, azakhali.

NABANDA: Ikatha?

MNYAMATA: Timabwerera pang'ono pamtengo wakale.

NABANDA: Pang'ono pake ndi 32. Nanga kontrakiti?

MNYAMATA: Kakontrakiti katsopano, kakang'ono. Miyezi 24.

NABANDA: (akulemba) Miyezi itatu ya 16 ndi 48. Miyezi 21 ya 32 ndi 672. Zonse pamodzi 720. Simu ya mapaundi 10 ija pa miyezi 24 yomweyo ndi 240. Ndiye mphatso yanuyi ikutidyera mapaundi 480.

A PHIRI: Komatu theka lija linamveka bwino m'khutu.

NABANDA: Nyambo nayonso imakomera nsomba, bambo a Chisomo, mbedza isanakole.

MNYAMATA: Chabwino, tisiye zimenezo. Malume, munthu waulemu wanu angamayende ndi foni ya zaka ziwiri? Ndikupatsani yatsopano, makamera atatu, osalipira kalikonse lero.

A PHIRI: Makamera atatu!

NABANDA: Ajambula chiyani? Zithunzi zonse m'foni mwawo ndi za ndandanda ya mashifiti ndi mbuzi zomwe achimwene awo amatumiza. "Osalipira lero" ndiye kuti mawa tilipira zingati?

MNYAMATA: Mapaundi 38 pamwezi.

NABANDA: Tabwera kudzatsitsa 32, mwatikweza pa 38. Foniyo si yaulere, ndi ngongole yovala suti.

MNYAMATA: Nanga bandulo yopanda malire? Osadandaulanso kuti yatha.

NABANDA: Taonani pakompyuta yanuyo. Mwezi watha anagwiritsa ntchito magiga angati?

MNYAMATA: (mwakachetechete) Sikisi.

NABANDA: Kunyumba kuli waifai, kuntchito kuli waifai. Zopanda malirezo azithira m'munda?

A PHIRI: Mphwanga, usakhumudwe. Kusukulu ankakhoza masamu.

MNYAMATA: Ndaona, malume. Dikirani ndikapemphe kwa abwana anga. Sindilonjeza, ndi munthu wovuta.

(Nyimbo ija yayambanso.)

A PHIRI: Mwana wa eni ake akatukwanidwa chifukwa cha ife.

NABANDA: Palibe bwana kumeneko, akumwa madzi. Mitengo yonse ili kale pamaso pake, anauzidwa kuti aziyamba ndi yokwera, yotsika aziitulutsa munthu akagwira chitseko. Inu musanene "inde" pa chilichonse. Mafoni awa amajambulidwa, "inde" wanu ndi siginecha.

MNYAMATA: Malume! Ndagwada, ndalira, abwana avomera. Simu yokha, magiga 20, mapaundi 12. Mtengo uwu sitiuza munthu wamba.

A PHIRI: Mapaundi 12? Ndiye unalipo nthawi yonseyi? Miyezi isanu ndakhala ndikulipira 32, mtengo wa 12 uli m'thumba mwako?

MNYAMATA: Simunafunse, malume.

NABANDA: Mafunso atatu, achimwene. Miyezi ingati?

MNYAMATA: 24.

NABANDA: Mu Epulo mukweza zingati? Musandiuze za mapelesenti. Kuyambira Januwale 2025 a Ofcom, oyang'anira makampani a mafoni kuno, analamula kuti munthu asanasaine muzimuuza kukwerako m'mapaundi ndi mapeni.

MNYAMATA: Paundi imodzi ndi theka, chaka chilichonse. Azakhali, mumagwira ntchito ku Ofcom?

NABANDA: Ndimasamalira okalamba usiku, nthawi yowerenga ndili nayo. Funso lachitatu: tikafuna kuchoka pakati?

MNYAMATA: Pamakhala kachindapusa, pafupifupi ndalama za miyezi yotsalayo.

NABANDA: Ndiye 12 wanu ndi womangirira komanso wokwera, pomwe 10 uja ndi womasuka. Mukanati 10, mwezi ndi mwezi, n'kutitumizira polemba, tikanakhala. Sitinadane ndi netiweki yanu, tadana ndi mtengo.

MNYAMATA: Pamenepo kompyuta ikukana. Komatu malume, ganizani bwino. Mukachoka, nambala yanu ija, ya zaka zonsezi, amayi kumudzi anailoweza pamtima...

A PHIRI: Ii, zoona! Amayi sangaloweze ina. Mayi a Chisomo, tingokhala.

NABANDA: Nambala siitayika. Patseni foniyo. Onani, ndikulemba INFO, ndikutumiza ku 85075. Ndi zaulere. Eya, ayankha: chindapusa chochokera palibe, kontrakiti inatha. Tsopano ndikulemba PAC, ku 65075.

MNYAMATA: Azakhali, osathamanga...

NABANDA: Khodi yosamutsira nambala yafika kale. Zilembo zitatu ndi manambala sikisi. Imagwira ntchito masiku 30. Tikaipereka kukampani yatsopano, iwo ndi amene asamutsa nambala pa tsiku limodzi la ntchito. Chachikulu n'chakuti tisatseke tokha laini yakaleyi, tikatero m'pamene nambala ingatayike.

MNYAMATA: Nanga notisi ya masiku 30?

NABANDA: Yolipiritsa munthu wosamuka ndi PAC inaletsedwa mu Julaye 2019. Funsani abwana anu aja, ngati amaliza kumwa madzi.

A PHIRI: Ndiye kuti sitinafunikenso kuimba foni?

NABANDA: Ndinakuuzani Lachitatu. Munati mwamuna amatsanzika pamaso.

A PHIRI: Taimani, kwabweranso meseji ina. "Tisanasiyane, landirani mapaundi 9 pamwezi." Mphwanga! Si unati 12 ndiye pansi penipeni, abwana mpaka misozi?

MNYAMATA: Imeneyo ndi nthambi ina, malume. Ya anthu amene atuluka kale pakhomo.

NABANDA: Werengani timalemba tating'ono tapansipo.

A PHIRI: "Miyezi sikisi yoyamba, kenako 18, kontrakiti ya miyezi..." Basi, ndatopa. Tapita.

MNYAMATA: Ndamva, malume, muyende bwino. Koma kanthu kamodzi. Mukadula foni mulandira funso loti ndakuthandizani bwanji, kuyambira 1 mpaka 10. Chonde, bonasi yanga ili pamenepo, ana ku Balaka akudikira fizi.

A PHIRI: Mayi a Chisomo, timupatse zingati?

NABANDA: Achimwene, muli ndi mwayi. Lero lokha, chifukwa ndinu wakwathu, tikupatsani 10.

MNYAMATA: Zikomo, azakhali!

NABANDA: Miyezi itatu yoyamba. Kenako 2, kwa miyezi 21.