Pa kaundula wa kontrakiti lembanipo dzina la munthu, osati dipatimenti

Lero ndakwiya zedi. Kampani yomwe ndimagwirako ntchito kuno ku Joni yamangidwanso pa kontrakiti chaka china chathunthu ndi kampani yotibweretsera makatoni, anthu oti katundu wawo amafika mochedwa mwezi ndi mwezi. Chifukwa chake? Kalata imodzi yokha sinapite pa nthawi yake.

Kontrakitiyo ndi ya masamba 64. Mkatikati muli ndime yonena kuti mgwirizano ukutha pa 28 Febuluwale, koma ngati sitiwadziwitsa polemba kalata kutatsala masiku 90, udzipitirira wokha miyezi ina 12. Kaundula wotikumbutsa masiku ofunika a m'makontrakiti tinali naye ndithu, mu Excel. Koma pa tsiku analembapo 28 Febuluwale, pa mwini ntchito analembapo "ogula katundu". Ogula katundu ndi ndani? Mu ofesi imeneyo muli anthu asanu, ndipo aliyense ankaganiza kuti mnzake ndiye alemba.

Abale anga, tsiku lotha kontrakiti si tsiku lanu ayi. Werengani chobwerera m'mbuyo. Masiku 90 kuchokera pa 28 Febuluwale akukufikitsani pa 30 Novembala. Ndiye pitani kumapeto, pa ndime ya adiresi yolandirira makalata. Yathu imati kalata ya rejisitala imatengedwa kuti yafika patatha masiku 7, ndipo imelo sawerengera. Ndiye kuti kalata inayenera kuchoka pofika 23 Novembala. Limenelo ndiye tsiku lolemba mu kaundula, ndipo pambali pake pakhale dzina la munthu mmodzi, munthu woti mutha kumuimbira foni n'kumufunsa kuti risiti ya ku positi ili kuti. Ife takumbukira mu Januwale pobwera ku holide. Madzi akatayika sawoleka.

Ena akuti ntchito inachuluka kumapeto kwa chaka. Zimenezo ine sindikumva. Mzere uliwonse uzinena nambala ya ndime, chochita, tsiku loyamba kuchita, ndi dzina. Pakasowa dzina, chimenecho si kaundula, ndi chipepala chabe. Munthu akasiya ntchito, dzina lake lichoke tsiku lomwelo, lilowe la wina. Ndipo onani ngati kontrakiti ikunena masiku wamba kapena masiku ogwira ntchito, chifukwa Loweruka, Lamulungu ndi maholide a boma zimasuntha tsikulo.

Wina anati lamulo loteteza ogula la 2008 litipulumutsa. Ayi. Ndime 14 ya lamulo limenelo, yomwe imalola munthu kuthetsa kontrakiti popereka chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito, sigwira pakati pa kampani ndi kampani inzake.

Chinanso chondiwawa, masamba owonjezera a kumapeto aja, momwe muli chindapusa choti azitilipira akachedwetsa katundu, palibe anawaika mu kaundula. Amati tizidandaula pasanathe masiku 30. Zaka zitatu makatoni akuchedwa, sitinaitanitsepo ngakhale randi imodzi.