Kutha kwa khadi sikuletsa malipiro, lekani kunamizana

Lero ndaonanso munthu akulangiza mnzake kuti, "Osavutika, khadi yako ikutha mwezi uno, malipirowo afa okha." Bodza! Khadi ya ku banki ikatha, chatha ndi kapulasitiki ka m'chikwama mwanumo. Chilolezo chimene munapereka choti kampani izidula ndalama mwezi ndi mwezi chikadali moyo, ndipo akaunti imene ili kuseri kwa khadiyo ndi yomwe ija.

Tiyerekeze munthu amene analembetsa pa kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, $11.99 pamwezi, ndi khadi ya Visa yolembedwa kuti ithera 08/25. Wasiya kuonera, koma sanaletse. Banki yamupatsa khadi yatsopano, tsiku lothera lina, manambala atatu a kumbuyo ena. Iye sanailembe paliponse. Kuyambira Sepitembala mpaka Malichi ndalama ikuchokabe, miyezi 7, $83.93 yapita. Madzi saiwala khwawa.

Palibe wakuba apa. Visa ili ndi dongosolo lotchedwa Visa Account Updater, la Mastercard ndi Automatic Billing Updater. Banki ikakupatsani khadi ina, imadziwitsa dongosololi kuti khadi yakuti yalowedwa m'malo ndi iyi. Kampani ija, tsiku lodula lisanafike, imafunsa kudzera ku banki yake za makhadi amene inasunga, ndipo yankho limabwera: tsiku lothera latsopano, kapena nambala yatsopano, kapena kuti akaunti inatsekedwa. Ikatero imakonza m'mabuku mwake n'kudula monga kale. Akuti anachitira kuti zimene mumazifuna zisamaduke khadi ikasintha, chabwino, koma makinawo sadziwa zimene munatopa nazo.

Ena amati, "Nanga CVV yatsopano, manambala atatu a kumbuyo aja, aidziwa bwanji?" Saifuna. Manambala atatuwo amafunsidwa tsiku loyamba lija, kampani siloledwa kuwasunga, ndipo malipiro obwerezabwereza amadutsa popanda iwo. Makampani ena sasunganso nambala ya khadi yeniyeniyo, amasunga tokeni, nambala yoimira khadi imene Visa kapena Mastercard imapereka. Khadi ikasintha, tokeniyo amangoilumikiza ku yatsopano. Ndiye ngakhale munene kuti khadi yatayika n'kulandira manambala 16 atsopano, malipiro akhoza kukutsatirani. Si banki iliyonse kapena kampani iliyonse imene ili m'dongosololi, n'chifukwa chake kwa mnzanu zinafadi zokha. Unali mwayi wake, osati lamulo.

Mukufuna kudziwa ngati zakuchitikirani? Lowani mu akaunti yanu pa kampaniyo, pitani pamene pali njira yolipirira. Mukapeza manambala anayi omaliza kapena tsiku lothera la khadi yatsopano, chonsecho simunalembe ndinu, ndi zimenezo.

Letsani kumene munalembetsa, basi. Dinani Cancel subscription, pitirirani masamba onse okunyengererani mpaka muone tsiku limene zithere, ndipo sungani imelo yotsimikiza kapena jambulani sikirini. Kufufuta apu pa foni si kuletsa. Ngati munalipira kudzera pa Google Play, App Store kapena PayPal, kaletseni kumeneko, chifukwa odula ndalama ndi iwowo. Kenako uzani banki kuti iimitse malipiro obwereza a kampani imeneyo, muitchule dzina monga lalembedwera pa sitetimenti, ndipo funsani ngati angachotse khadi yanu m'dongosolo lotumiza manambala atsopano. Kwa abale amene muli ku Britain, lamulo la 2017 la malipiro limakupatsani ufulu woimitsa malipiro oterewa ku banki, ndipo banki siyenera kukubwezani kuti mukayambe mwalankhula ndi kampani.

Akadulabe mutaletsa, kadandauleni ku banki kuti ndalama ibwezedwe. Ku Visa dandaulo limeneli lili ndi nambala yake, 13.2, ndipo nthawi yake ndi masiku 120 kuchokera pamene anadula. Chimene adzafune ndi umboni woti munaletsa tsiku lodula lisanafike. Munthu wathu wa $83.93 uja alibe umboni, chifukwa sanaletse. Kwa iye n'kupempha chifundo cha kampani basi. Ndiponso ngati munasayina mgwirizano wa chaka, monga wa ku jimu, kuimitsa ku banki sikufafaniza ngongole, adzakulondolani.

Chondipsetsa mtima kwambiri ndi ena ogwira ntchito m'mabanki. Munthu wabwera akudandaula za malipiro obwereza, yankho n'lakuti, "Tingobuloka khadiyi, bwana, tikupatsani ina." Amulipiritsa khadi yatsopano, adikire masiku, akasinthe manambala m'malo onse amene amawafuna, mwezi wotsatira $11.99 ija yachokanso. Inu muli pa kauntala, makina muli nawo pamaso panu, osamuuza munthu bwanji?