Moni wa Chiyao ukabwezedwa mwaliwiro, musathawe

Ndikulankhula ndi inu amene ntchito kapena geni inakubweretsani kuno ku Mangochi, makamaka amene muli kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi, ku Namwera, ku Katuli mpaka ku Makanjira, kumene Chiyao ndiye chapakhomo. Ambiri mwaloweza kale "Ali uli?", kutanthauza kuti muli bwanji, ndipo mukudziwa kuyankha kuti "Ndili chenene, kwali wawo?", ndili bwino, kaya inu. Koma ndimamva anthu akuti anasiya kupereka moni wa Chiyao chifukwa ukangoyamba, mnzako amasangalala n'kukuthira mawu ambirimbiri osapumira, iwe n'kutsala kukamwa yasa. Ine ndikuti kusiyako n'kulakwitsa. Kuyankha mothamangako sikukuyesani. Munthuyo wamva chilankhulo chake pakamwa pa mlendo ndipo wayesa kuti mumachidziwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi njira imene ambiri amapulumukira nayo. Amangoti "chenene, chenene" kapena "elo", kutanthauza inde, pa chilichonse, uku akumwetulira. Kwa Ayao, monga kwa ife, moni ndi pomwe munthu amanenera za pakhomo pake. Mayi amene mwam'patsa moni akhoza kukhala akukuuzani kuti mwana sanagone ndi malungo, kapena kuti dzulo anali kumaliro. Inu n'kumati "chenene" nkhope ikuwala ndi chisangalalo. Mayiyo sakudzudzulani, koma aona kuti simunali naye. Kwa namwino kapena mphunzitsi, izi zimaononga chikhulupiriro chimene moniwo umafuna kumanga.

Tiyerekeze kuti ndi m'mawa, mwafika pamsika wa M'baluku kudzagula usipa. Mwati kwa mayi wogulitsa, "Ajimwiche uli?" kutanthauza kuti mwadzuka bwanji. Iwo ayankha chiganizo chachitali ndipo inu mwatolapo pang'ono chabe. Musalimbane ndi kumva zonse. Choyamba mverani ngati "chenene" analimo koyambirira. Ngati analimo, pakhomo pali bwino. Ngati m'malo mwake mwamva "panandi", ndiye kuti akuti adzuka pang'ono, ndipo tonse tikudziwa kuti Mmalawi akati pang'ono, kunyumba kuli matenda kapena vuto. Pamenepo lekani kumwetulira, nenani pepani, ndipo funsani m'Chichewa momwemo kuti chavuta n'chiyani. Palibe amene angakusekeni.

Kenako tcherani khutu ku mawu otsiriza, chifukwa mawu ofunsira amakonda kugwera kumapeto. Mukamva "uli", akufunsa za moyo, wanu kapena wa ana ndi akunyumba, ndipo apa "chenene" akukwanadi. Mukamva "kwapi", akufunsa malo. "Akuja kwapi?" ndiye kuti mukupita kuti, "Akutyochela kwapi?" ndiye kuti mukuchokera kuti. Yankho lake ndi dzina la malo basi, kaya ku Lilongwe, kaya ku Malindi. Kuyankha "chenene" pa funso la malo ndi kumene kumaseketsa msika wonse.

Pali chinanso chimene chimasokoneza khutu la Mchewa. Ayao polemekeza munthu amene akulankhula naye amagwiritsa ntchito "a" koyambirira, ndiye "Akuja kwapi?" timamva ngati akufunsa za munthu wina amene palibepo. Ndaonapo anthu akucheuka kufuna amene akunenedwayo. Ndinu amene mukufunsidwa. Nafenso timatero tikamati "Agogo adzuka bwanji?" kwa agogo amene tili nawo maso ndi maso.

Zikakukanikani ndithu, nenani zoona. "Ngangupikana" ndi kunena kuti sindikumva, ndipo mukawonjezera "panandi panandi" mwapempha kuti alankhule pang'onopang'ono. Ambiri pa boma la Mangochi ndi m'misika amadziwa Chichewa bwino lomwe, choncho asinthiratu okha. Koma ndikupempha kuti musalole kuti zithere pomwepo. Akakuuzani m'Chichewa, apempheni abwereze m'Chiyao chiganizo chomwe chija, kamodzi kokha, inu muchinene pambuyo pawo. Mafunso a pamoni ndi ochepa ndipo ndi omwewo tsiku lililonse: ana, kunyumba, ntchito, ulendo. Mukamagula kwa mayi yemweyo, posachedwa mudzayamba kuwamva asanamalize n'komwe.

Kumidzi ya kutali nkhani n'njosiyana. Mukumana ndi agogo amene Chichewa chawo n'chochepa ngati Chiyao chanu, ndipo palibe kothawira. Kumeneko khalani pansi kaye musanayambe moni, musaupereke muli chiimire kapena muli panjinga. Akayamba ndi "Salamu aleikumu", monga amachitira Asilamu ambiri, yankho ndi "Waleikumu salamu", ndipo Mkhristu akayankha choncho sanasiye mpingo wake. Zotsalazo itanani mdzukulu wa pasukulu akumasulireni, koma pomvera yankho maso anu akhale kwa agogowo, osati kwa mwanayo. Pochoka muti "Sikomo kwejinji, asigale chenene", kutanthauza kuti zikomo kwambiri, tsalani bwino, iwo adzakuuzani kuti "Ajende chenene", yendani bwino.