Uthenga wopita kwa wogulitsa amene wakhala chete atalandira ndalama

Posachedwapa mlamu wanga, amene amasoka zovala pafupi ndi msika wa Kapata, analipira K2,800 ya makina osokera kwa wogulitsa wina wa ku Lusaka amene anamupeza pa intaneti, ndipo anawonjezerapo K150 yoti katunduyo akwezedwe pa basi. Ndalama zisanapite, munthuyo ankayankha msanga ngakhale usiku. Zitangopita Lolemba, analemba kuti makina anyamuka mawa m'mawa, ndipo kuchokera pamenepo anangoti zii. Mtunda wochokera ku Lusaka kufika kuno ku Chipata ndi wopitirira makilomita 550, koma basi imene yanyamuka m'mawa imafika tsiku lomwelo, choncho pofika Lachinayi panalibenso chifukwa chonamizira msewu.

Mlamu anabwera kwathu madzulo a Lachinayi limenelo atalemba kale mauthenga asanu ndi awiri. Oyambirira anali odzichepetsa kwambiri: "Pepani bambo kukuvutitsani, kaya mwatanganidwa, ndimati ndingofunsako." Omalizira anali a ukali, ndipo womaliza weniweni unali ndi mawu akuti wakuba komanso kutchula Mulungu ngati mboni. Maganizo anga ndi akuti mauthenga onse asanu ndi awiriwo anali ndi vuto limodzi, ngakhale kuti ena anali ofatsa ndipo ena anali olusa. Palibe ngakhale umodzi umene unanena kuchuluka kwa ndalama, tsiku limene zinatumizidwa, chimene mlamu ankafuna kuti chichitike, ndi tsiku lomaliza loti chichitike.

Uthenga wotere uyenera kulembedwa poganizira owerenga awiri. Woyamba ndi wogulitsayo. Wachiwiri ndi munthu amene sakudziwa chilichonse cha nkhaniyi, monga wapolisi, wogwira ntchito ku kampani ya foni kapena woweruza, amene mwina adzauwerenga pa foni yanu patatha milungu itatu. Wowerenga wachiwiriyu ndiye amakuthandizani kusankha mawu. Akawerenga uthenga umodzi wokhawo, ayenera kumva kuti ndani analipira ndani, zingati, liti, pogula chiyani, ndiponso kuti wogula anapereka mpata wokwanira wokonza zinthu. Akapeza matukwano, nkhani imayamba kuoneka ngati mkangano wa anthu awiri olakwirana, pamene poyamba inali nkhani ya ngongole yoonekeratu.

Ife a kuno kum'mawa tili ndi chizolowezi chopepesa tisanapemphe kanthu, ndipo m'moyo wa tsiku ndi tsiku chizolowezi chimenechi ndi chabwino. Koma mu uthenga uwu mawu akuti "pepani" ndi akuti "ndimati ndingofunsako" amasandutsa mwini ndalama kukhala wopempha thandizo, ndipo wogulitsa amene ali ndi anthu asanu omudikira amayamba ndi amene akuoneka kuti sangasekereredwe. Ulemu umene ukufunika ndi wa moni, wa kutchula munthu kuti bambo kapena mayi, wa kugwiritsa ntchito "inu", ndi wa kusamuweruza musanamve mbali yake. Kupepesa chifukwa chofunsa za ndalama zanu zomwe si mbali ya ulemu umenewo.

Tisanalembe, ndinapempha mlamu kuti atsegule uthenga wotsimikizira umene unabwera atatumiza ndalama. Mmenemo munali nambala ya malipiro, tsiku, nthawi ndi dzina limene nambala ya foniyo inalembetsedwa. Dzinalo linali losiyana ndi limene wogulitsa ankadzitchula, ndipo linali la mayi. Zimenezi pazokha si umboni wa kuba, chifukwa amalonda ambiri amalandirira ndalama pa nambala ya mkazi wawo kapena ya wantchito, koma ndi chinthu chofunika kuchitchula mu uthenga. Muno m'Zambia nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa ndi chitupa, kotero munthu akaona kuti mwasunga dzina limenelo amazindikira kuti pali njira yomufikira. Tinajambulanso zithunzi za macheza onse ndi za chilengezo cha malondawo, popeza pa WhatsApp munthu akhoza kufufuta uthenga umene anatumiza posachedwa, ndipo chilengezo chimachotsedwa m'kamphindi.

Uthenga umene tinalemba unali uwu:

"Mwaswera bwanji, bambo. Lolemba lapitali nthawi ya 10:20 ndinatumiza K2,950 pa nambala imene munandipatsa, yolipirira makina osokera a K2,800 ndi K150 ya basi yobwera ku Chipata. Nambala ya malipiro ndi dzina limene linaoneka zili pa chithunzi chimene ndaphatikiza. Munalonjeza kukweza katunduyo Lachiwiri, koma mpaka lero Lachinayi sindinalandire makina, lisiti la basi kapena yankho lanu. Ndikupempha kuti pofika Loweruka nthawi ya 17:00 muchite chimodzi mwa ziwiri izi: munditumizire chithunzi cha lisiti la basi pamodzi ndi nambala ya kondakitala, kapena mubweze K2,950 yonse pa nambala yanga ino. Ngati pali vuto limene lakugwerani, ndiuzeni lero kuti tikambirane. Nthawi imeneyi ikadutsa popanda yankho, Lolemba m'mawa ndikapereka nkhaniyi ku polisi ndi ku kampani ya foni pamodzi ndi umboni wonse umene ndili nawo. Zikomo."

Mlamu anatsutsa chiganizo chonena za vuto, ponena kuti tikumupatsa munthuyo pobisalira. Ine ndinaumirira kuti chikhalemo, ndipo mpaka pano ndikuona kuti ndi chiganizo chofunika koposa. Ogulitsa ambiri amene amakhala chete si akuba enieni. Ena amalengeza katundu amene alibe, akuyembekezera kukamugula ku msika wa Kamwala ku Lusaka ndi ndalama zanu zomwezo, ndipo akapeza kuti watha kapena mtengo wakwera amasowa chonena. Ena amakhala atagwiritsa ntchito ndalamazo pa vuto la pakhomo, ndipo manyazi ndi amene amawatseka pakamwa. Munthu wotere mukamutchula kuti wakuba, mwamutsekera khomo lobwererapo, chifukwa kuyankha kulikonse kumakhala ngati kuvomera dzinalo. Mukamusiyira kampata koti anene kuti katundu anachedwa, amayankha, ndipo yankho lake lolembedwa, ngakhale litakhala lodzikhululukira, ndi kuvomereza kuti ndalama analandira.

Koma kampatako kayenera kukhala ndi malire, n'chifukwa chake tinalemba tsiku ndi ola m'malo mwa mawu akuti "mwamsanga". Mawu akuti mwamsanga aliyense amawamasulira mmene akufunira. Masiku awiri ndi okwanira pa nkhani ngati iyi, chifukwa kubweza ndalama pa foni kumatenga mphindi zochepa ndipo mabasi obwera kuno amanyamuka ku Lusaka tsiku lililonse. Kupereka ola limodzi lokha kumaoneka ngati kuopseza chabe, pamene kupereka milungu iwiri n'kupatsa wakuba nthawi yotaya nambala. Tinapemphanso umboni umene tingathe kuutsimikizira tokha. Mawu akuti "ndatumiza" alibe ntchito, koma nambala ya kondakitala mukhoza kuiimbira n'kufunsa ngati katundu wa dzina lanu alidi m'basi.

Pa za chenjezo, lamulo langa ndi lakuti musalembe chinthu chimene simudzachita. Anthu amakonda kulemba kuti ali ndi m'bale wamkulu ku polisi, kapena kuti afalitsa chithunzi cha munthuyo paliponse. Choyambacho wogulitsa wozolowera amachidziwa kuti ndi bodza. Chachiwiricho chikhoza kukutembenukirani, chifukwa kulengeza poyera kuti munthu ndi wakuba musanakhale ndi umboni wokwanira kungakubweretsereni mlandu woipitsa mbiri, makamaka ngati chithunzi chimene muli nacho ndi cha munthu wosalakwa chimene wakubayo anangotola penapake. Njira zenizeni zilipo. Kutenga ndalama za munthu mwachinyengo ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo umaperekedwa ku polisi. Ngati wogulitsayo ali ndi bizinesi yodziwika, bungwe la CCPC, limene limagwira ntchito pansi pa lamulo la mpikisano ndi chitetezo cha ogula la chaka cha 2010, limalandira madandaulo a ogula. Kampani ya foni nayo iyenera kudziwitsidwa msanga, ngakhale kuti ndalama zikakhala kuti zatapidwa kale pa kauntala, kuzibweza kudzera njira imeneyo kumavuta.

Uthenga ukapita, chotsatira ndi kukhala chete, ndipo apa mlamu anavutika kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatumiza uthenga wina patatha mphindi makumi awiri wofunsa ngati waona, mwafooketsa nokha tsiku limene munaika. Chimene mungachite ndi kuyang'ana zizindikiro. Pa WhatsApp chizindikiro chimodzi chotuwa chimatanthauza kuti uthenga sunafike pa foni yake, ziwiri zotuwa kuti wafika, ndipo ziwiri zabuluu kuti wawerengedwa, ngakhale munthu akhoza kuzimitsa zabuluuzo. Ngati chizindikiro chikungokhala chimodzi, chithunzi chake chasowa, koma mnzanu akamulembera pa nambala ina akuyankhidwa za malonda omwewo, ndiye kuti wakutsekerani dala. Zikatero tumizani mawu omwewo kamodzi ngati uthenga wamba wa pafoni kuti pakhale umboni wakuti munayesa, ndipo musadikirenso Loweruka.

Wogulitsa wa mlamu anayankha Lachisanu m'mawa. Ananena kuti makina alipo koma a basi akweza mtengo, choncho mlamu awonjezere K200 kuti katundu anyamuke tsiku lomwelo. Mlamu anali atatsegula kale foni kuti atumize, chifukwa K200 imaoneka yochepa poyerekeza ndi K2,950 imene ili pangozi. Ndinamuletsa. Munthu amene sanakwaniritse lonjezo loyamba akapempha ndalama zina, chimenecho ndi chizindikiro choipa kuposa kukhala chete kumene, ndipo ngati mtengo wa basi unakweradi, ndalama yowonjezera ingathe kuperekedwa kwa kondakitala katundu atafika m'manja. Tinayankha ndi ziganizo ziwiri zokha, kuti mtengo umene tinagwirizana ndi K2,950 ndipo chowonjezera chilichonse chidzalipidwa kuno katundu akafika, ndiponso kuti nthawi ya Loweruka siinasinthe.

Makina sanabwere. Loweruka masana munthuyo anabweza K2,000 n'kulemba kuti yotsala adzatumiza kumapeto kwa mwezi. Mlamu anafuna kulemba kuti "zikomo kwambiri" n'kusiyira pomwepo, koma mawu amenewo pawokha akhoza kumveka ngati nkhani yatha. Tinalemba kuti walandira K2,000, kuti yatsala K950, ndipo akuiyembekezera pofika pa 30 monga mwa mawu a wogulitsayo. Pa 30 padakali masiku anayi, ndipo zithunzi zonse mlamu wazisunga pa foni yake ndi pa yanga.