Musanalembetse VAT, onani amene mumagulako ndi amene amakugulani

Malonda akayamba kuyenda, anzanu amayamba kukuuzani zosiyana. Wina akuti lembetsani VAT muoneke kampani yeniyeni, wina akuti musayerekeze, a MRA akumalizani. Onsewa amayankhula ngati yankho ndi limodzi kwa aliyense, pomwe zimatengera katundu wanu mumamutenga kuti ndipo mumamugulitsa kwa ndani.

Poyamba tichotse chimodzi. Pali malire a ndalama zogulitsa pa chaka omwe mukawadutsa kulembetsa sikukhalanso kufuna kwanu. Malirewa anali K10 miliyoni, kenako K25 miliyoni, ndipo amasintha ndi bajeti, choncho funsani a MRA a chaka chino. Amawerenga zonse zimene mwagulitsa pa katundu wa VAT, osati phindu. Ambiri amagwa apa. Munthu akuti "ine phindu langa ndi lochepa", koma matumba a simenti atuluka ambirimbiri mu shopu. Akakupezani mochedwa, mudzalipira msonkho umene simunatolere kwa makasitomala, kuchokera m'thumba mwanu, ndi chindapusa pamwamba.

Nkhani yanga ndi ya amene sanafike pa malirewo ndipo akuganiza zolembetsa mwa kufuna kwawo.

Titenge wa hadiweya. Ndiwerengera pa 16.5 peresenti, mlingo umene tinauzolowera zaka zambiri. Inu muikepo wa lero. Chitini cha penti wachigula ku holoselo yolembetsa pa K23,300, kutanthauza K20,000 ya penti ndi K3,300 ya VAT. Akuchigulitsa K30,000. Asanalembetse, phindu ndi K6,700.

Tsopano walembetsa. Kasitomala wake ndi bambo amene akupenta nyumba yake, ndipo shopu yoyandikana ikugulitsabe K30,000, ndiye mtengo sangakweze. Mkati mwa K30,000 muli VAT ya K4,249. Achotsepo K3,300 imene analipira ku holoselo, kwa MRA apereke K949. Phindu latsika kufika K5,751. Zowawa, koma si imfa.

Chitini chomwecho achigulitse kwa kontilakita wolembetsa VAT. Apa atha kulemba K30,000 n'kuonjezerapo VAT ya K4,950, zonse K34,950. Kontilakita sadandaula kwenikweni chifukwa K4,950 akaichotsera pa msonkho wake. Wa hadiweya apereka K1,650 kwa MRA, ndipo phindu lake lafika K10,000. Katundu yemweyo, shopu yomweyo, koma kulembetsa kwamuwonjezera ndalama. Ndiye ngati ambiri okugulani ndi makampani olembetsa, ine ndinganene kuti lembetsani musanakakamizidwe.

Amene ndimamumvera chisoni ndi uyu wogula kwa anthu osalembetsa. Taganizani mayi wogulitsa mipando amene amaitenga kwa akalipentala a m'mbali mwa msewu. Mpando waugula K23,300, popanda lisiti la VAT chifukwa kalipentalayo salembetsa. Akaugulitsa K30,000 atalembetsa, K4,249 yonse ipita kwa MRA, palibe chochotsera. Phindu limene linali K6,700 latsala K2,451, asanalipire lendi ndi mnyamata wonyamula. Mayi ameneyu akalembetsa asanafike pa malire, wadzipweteka yekha. Ndipo ngakhale wogula ku holoselo, akalola zija zoti "ndikuchotserani pang'ono koma lisiti ayi", wataya ufulu wochotsera. Kapepala kolemba pamanja kopanda nambala ya msonkho ya wogulitsa sikagwira ntchito.

China chimene anthu sauzana ndi nthawi. VAT imawerengedwa mwezi ndi mwezi, ndipo fomu ndi ndalama ziyenera kufika pasanadutse pa 25 mwezi wotsatira. Ngakhale mwezi umene simunagulitse kanthu, fomu mutumizabe. Choopsa kwambiri ndi ngongole. Mwapereka katundu wa K3 miliyoni ku kampani mu Malichi, mwalemba invoisi, VAT yake ndi K495,000. Iwo akuti cheke chituluka mu Juni, abwana osayina ali kunja. MRA ikufuna gawo lake pa 25 Epulo, sidikira abwanawo. Ngati mpamba wanu ndi wongokwanira kuodera katundu wa sabata yamawa, oda imodzi yaikulu ngati imeneyi ikhoza kukusiyani ndi mashelefu opanda kanthu, uku m'buku mukuoneka kuti mwapindula.

Onjezani ntchito yotulutsa lisiti lovomerezeka pa chilichonse mwagulitsa, kudalira magetsi ndi netiweki, komanso ndalama ya wokulemberani mabuku ngati simungathe nokha.

Ndiye musanapite ku ofesi ya MRA, tengani buku la miyezi itatu yapitayi. Werengani ndalama zimene zinabwera kuchokera kwa makasitomala olembetsa, ndi katundu amene munagula ndi lisiti la VAT. Zonse ziwiri zikakhala zambiri, lembetsani. Zonse zikakhala zochepa, dikirani malire, koma muziphatikiza zogulitsa zanu mwezi uliwonse kuti mudziwe tsiku limene mwawafika.