Kamfuno kokana kuleka: weramani, finyani pofewa, yang'anani nthawi

Kutentha kwa Okutobala kukafika kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota, kamfuno kamachuluka, makamaka mwa ana. Anthu amati ndi dzuwa, ndipo sakunama kwenikweni: mpweya wouma ndi fumbi zimaumitsa kakhungu ka m'kati mwa mphuno, kamang'aluka, mwana n'kuwonjezera kutokosa ndi chala. Koma maganizo anga ndi akuti kamfuno kambiri kamene timati "kakana kuleka" sikanakane ayi. Sikanafinyidwe pamalo pake, ndiponso sikanapatsidwe nthawi yokwanira.

Magaziwa amachokera pafupi kwambiri. Pa anthu 10 otuluka kamfuno, pafupifupi 9 magazi amachokera kutsogolo, pa kachipupa kolekanitsa mabowo awiri a mphuno, pamene timitsempha ting'onoting'ono tambiri timakumana. Malowa ali pansi pa mbali yofewa ya mphuno, ija imapindika mukaigwira. Tsono onani mmene ambiri amagwirira: zala amaziika pamwamba, pafupa lija la pakati pa maso. Fupa silifinyika. Mutha kugwira pamenepo mpaka dzuwa kulowa, mtsempha uli m'munsimu ukungokha.

Tiyerekeze mwana wa zaka 9 wabwera kuchokera kusukulu masana, magazi ali chuchuchu bowo lakumanja, yunifolomu yafiira. Mukhazikeni pansi pamthunzi, msana chilili, kenako aweramire kutsogolo pang'ono, chibwano chiloze pachifuwa. Muikireni mbale kapena nsalu pamiyendo. Ngati muli zibuluma za magazi m'mphuno, amine kamodzi pang'onopang'ono kuti zichoke. Kenako, ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, finyani mbali yofewa yonse, mabowo onse awiri atsekeke, ngakhale magazi akutuluka kumodzi. Apume ndi pakamwa. Zimene zatsikira kukamwa alavule, asameze. Wina atenge foni ayang'ane nthawi: mphindi 10 mpaka 15, osasiya.

Pamene ambiri timagwa ndi pa "osasiya" pamenepa. Pakangotha mphindi ziwiri, mayi amasiya kuti aone ngati kaleka. Magazi amafuna nthawi kuti agwirane n'kutseka bala, ndipo nthawi iliyonse mukamasula zala, kachibuluma kamene kamayamba kupangika kamakokoloka, ntchito n'kuyambiranso. Munthu atha kutha ola lathunthu akugwiragwira chotere koma osafinyapo mphindi 10 zathunthu ngakhale kamodzi. Ndipo musayerekeze nthawi pamtima. Magazi a mwana wako akamakha, mphindi zitatu zimaoneka ngati khumi. Mwana wamng'ono amatopa zala, choncho wamkulu ndiye agwire, akumulankhula modekha, chifukwa kulira ndi kuphiriphitha kumawonjezera kutuluka kwa magazi.

Nanga zopendekera mutu kumbuyo zija, kapena kumugoneka chagada? Izi ndiye ndimakana kwamtuwagalu. Magazi saleka, amangosintha njira. Amatsikira kummero n'kulowa m'mimba, apabanja n'kumati zatheka poti kunja sikukuoneka kanthu. Patapita kanthawi mwana amasanza magazi akuda, mudzi wonse n'kudzidzimuka. Choopsa china, magaziwo atha kumutsamwa. Kuwerama kumakuthandizaninso kuona ndi maso kuchuluka kwa magazi amene akutayika. Zotseka mphuno ndi pepala la kope, thonje louma kapena masamba nazonso zisiyeni: zimakanda kakhungu kaja, ndipo pozichotsa zimazula chibuluma. Kansalu konyowa ndi madzi ozizira pamphumi si koipa, koma sikalowa m'malo mwa zala.

Mphindi 15 zikakwana, masulani pang'onopang'ono. Ngati kakukhabe, yang'anani ngati zala zinali pofewa, mufinyenso mphindi zina 15. Zikakwana 30 magazi akadatuluka, zapakhomo zathera pomwepo, nyamukani. Kwa amene ali kutali, monga ku Chipoka, ku Lifuwu kapena ku Benga, ndinganene kuti yambani kufunafuna njinga yamoto kapena galimoto pamene mukuyamba kufinya kachiwiri, osadikira kuti mulephere kaye. Panjira apitirize kufinya, ali chiweramire. Kuchipatala amatha kuika nsalu yapadera yothina m'mphuno, kuwotcha kamtsemphako ndi mankhwala, kuyeza kuthamanga kwa magazi ndiponso kuona ngati magazi achepa m'thupi.

Koma pali anthu ena osayenera kudikira mphindi 30 zimenezo. Tengani agogo a zaka 68 amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndipo amamwa asipirini tsiku lililonse. Mwawafinya bwinobwino, ali chiweramire, koma iwo akungolavula magazi ofiira, akuti akuwamva akutsika kummero. Apa n'kutheka kuti mtsempha wotuluka magaziwo uli kumbuyo, m'kati, kumene zala sizifika. Kamfuno kotere kamakonda achikulire, kamataya magazi ambiri, ndipo sikathera pakhomo. Asipirini, bulufeni ndi wafarini zimachedwetsa magazi kugwirana, choncho tengani mapaketi a mankhwala onse amene amamwa pamodzi ndi buku lawo lakuchipatala. Asasiye okha mankhwala amene adokotala anawalembera, akafunse kumeneko. Ngati mutu ukuwawa, panado ali bwino kusiyana ndi asipirini kapena bulufeni.

Chimodzimodzi munthu amene wayamba chizungulire, thukuta lozizira, mtima kugunda mothamanga, zikhatho ndi m'zikope kuyera, kapena kupuma movutikira: ameneyo wataya magazi ambiri. Akafooka moti sangathe kukhala, mugonekeni chammbali kuti magazi azituluka kunja, osati chagada. Amene wagwa pa kabaza kapena wamenyedwa m'mutu, makamaka ngati m'mphuno mukutuluka timadzi toyera tosakanikira ndi magazi, kapena akusinza ndi kusanza, apite msanga. Mwana wosakwana zaka 2 akaonedwe ngakhale magazi ataleka. Mayi woyembekezera kamfuno kakamuchulukira, kapena kakabwera ndi mutu waukulu, asadikire tsiku la sikelo. Ndipo ngati kamfuno kabwera pamodzi ndi kutentha thupi, magazi m'nkhama, mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake, kapena munthu walumidwa ndi njoka, vuto silili m'mphuno, lili m'magazi momwemo.

China chimene makolo amachiphonya: mwana wotuluka mamina onunkha osakanikira ndi magazi bowo limodzi lokha, masiku angapo. Nthawi zambiri muli njere ya chimanga, nyemba kapena mkanda umene anaulowetsa posewera. Musatokose ndi kamtengo ka machesi, mungaukankhire m'kati. Ngati ndi kabatire kozungulira ka wotchi, ndi zamwadzidzidzi, chifukwa kamawotcha mnofu m'maola ochepa.

Kamfuno kakaleka, bala limakhala likadali laliwisi. Kwa tsiku lathunthu asamine, asatokose, asanyamule ndowa pamutu kapena kukoka khoka, ndipo tiyi wotentha adikire kaye. Pogona mutu ukhale pamwamba pang'ono. M'masiku otsatira, pakani vaselini pang'ono ndi nsonga ya chala choyera polowera pa mphuno, m'mawa ndi madzulo, muwengenso zikhadabo za mwana. Ngati kakumabwerabwera sabata ndi sabata, ngakhale kakuleka kokha, pitani naye akamuyeze magazi, chifukwa kutaya pang'onopang'ono kumachepetsa magazi m'thupi, makamaka mwa mwana amene wangodwala kumene malungo.